Kwa amene akuti kalata ya amfumu yakanidwa kubanki

"Bambo anga anamwalira mwezi watha kumudzi. Kubanki ndi kuntchito kwawo konse akuti tibwere ndi satifiketi ya imfa. Kodi kalata ya amfumu siyikwanira? Maliro anaonedwa ndi mudzi wonse."

Pepani kwambiri achemwali, Mulungu akutonthozeni. Ndawerenga mpaka manja akunjenjemera chifukwa mawu amenewo ndinawayankhulapo ineyo ndi pakamwa pangapa, mu 2021, nditaimirira pakauntala ya banki, chovala chakuda chili m'thupi.

Amuna anga anamwalirira kuchipatala usiku. Ine mutu unali utaima, moti pepala limene achipatala analemba, pamodzi ndi chiphaso chawo cha unzika ndi foni, anatenga ndi alamu anga, akulu awo a malemu. Anati akufuna kukaonetsa kumotchale kuti atulutse thupi. Ndinawathokoza. Titaika maliro, pamsonkhano wa mawa lake uja, ndinafunsa za mapepalawo, iwo n'kuti "asungidwa bwino, mlamu, inu lirani kaye". Sabata zitatu zinatha akundiuza zomwezo.

Sukulu zitatsegulira ndinalibe ya fizi ya mwana wa Fomu 3. Ndinanyamula satifiketi ya ukwati ya kutchalitchi, kalata ya amfumu ya chidindo, ngakhale pulogalamu ya maliro yokhala ndi chithunzi chawo, ulendo kubanki. Ndinaima pamzere maola awiri. Mtsikana wa pakauntala anayang'ana mapepala onsewo, anandibwezera limodzilimodzi, n'kunena kuti, "Mayi, m'mabuku mwathu bambowa ali moyo." Anthu a kumbuyo kwanga anamva. Ndinamuuza kuti ndinawatseka maso ndi ine, ndinaponya dothi m'manda ndi dzanja ili. Anati akumvetsa, koma popanda satifiketi sangandiuze ngakhale ndalama zimene zatsalamo. Kenaka anaitana abwana ake, ndipo poti ndinali nditanena ndekha kuti mwini akaunti wamwalira, anaitseka pomwepo. Ndinalowa ndi chiyembekezo cha fizi, ndinatuluka nditatseketsa akaunti ndi pakamwa panga. Ndinakhala pansi pakhonde la banki paja n'kulira ngati maliro ayambiranso, mlonda ndiye anandipatsa madzi.

Tsiku limenelo ndinawatukwana mumtima anthu a banki aja. Pano ndimawamvetsa, ngakhale mawu aja ndimawamvabe m'makutu. Kalata ya amfumu imanena kuti kumudzi kwakuti kunachitika maliro a uje. Koma banki ya ku Blantyre siidziwa siginecha ya mfumu iliyonse m'Malawi muno, ndipo chidindo munthu atha kusemetsa pamsika. Anthu anadyapo ndalama za abale awo amoyo powanamizira imfa. Satifiketi yochokera ku NRB, ofesi ya boma yolemba nzika ndi imfa m'kaundula, ndiyo imene boma limanenera kuti munthu wa dzina ili, wa nambala ya chiphaso iyi, anamwalira tsiku lakuti, malo akuti. Munthu ali moyo palibe chuma cha masiye, chumacho ndi chake. Ngakhale wilo ikhale yolembedwa ndi loya, ndi pepala logona chabe mpaka imfa itatsimikizika. Ndiye khoti liyambira pati kukupatsani mphamvu pa katundu wa munthu amene m'kaundula wa boma akadali moyo?

Ndipo tsiku la imfa lolembedwa pamenepo si lokongoletsa. Akuntchito amawerengera malipiro omaliza ndi masiku a tchuthi kulekezera tsiku limenelo. Apenshoni chimodzimodzi. Ngati panali ngongole yokhala ndi inshulansi ya moyo, ainshulansi amafuna tsikulo kuti aone ngati inali ikugwirabe ntchito. Kwa ine tsikulo ndi limene linawaulula alamu anga. Sitetimenti itatuluka patapita miyezi, zinaoneka kuti pa K410,000 imene inalimo tsiku la imfa, K260,000 inatapidwa kudzera pafoni ya malemu m'masiku 9 otsatira, ena mwa masikuwo ife tili m'siwa. Munthu amene ankanditonthoza, amene anayankhula pamanda kuti ana awa ndi anga tsopano! Ndi chifukwa chake ankakakamira pepala lija. Ankadziwa kuti popanda ilo sindingasunthe, ndipo iwo apitiriza kudya. Mpaka lero tikakumana pamaliro ndimangowapatsa moni wa pakamwa, dzanja ayi.

Pepalalo analibweza nditapita ndi ankhoswe awiri n'kuwauza kuti tikachoka pano tikulowera kupolisi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

Tsono mvetsani apa, chifukwa ineyo ndinasokonezekanso. Pepala la kuchipatala si satifiketi, ndi lipoti chabe, fomu imene amaitcha NR10, ndipo ndi limene limakabala satifiketi ku NRB. Inu poti bambo anamwalirira kunyumba, yanu ndi NR10C. Kaitengeni kuofesi ya NRB kwa bwanamkubwa wa boma limene anamwalirira, mulembe, amfumu asayine ndi kudinda, mubweze pamodzi ndi chiphaso cha malemu ndi chanu. Ndiye kalata ya amfumu musaitaye, amfumuwo ndiwo mboni yanu, kungoti umboni wawo uyenera kudzera m'kaundula wa boma kuti banki iumve. Ikanakhala imfa ya ngozi, pakanafunikanso lipoti la apolisi.

Polemba fomuyo, koperani dzina chilembo ndi chilembo kuchokera pachiphaso cha unzika, osati mmene mumawaitanira kunyumba. Ife pepala la kuchipatala linali ndi "l" pamene chiphaso chinali ndi "r", chilembo chimodzi chokha, ndipo tinabwezedwa kukakonzetsa ndi kukalumbira kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Mwezi wathunthu unapita pamenepo. Onaninso dzina limene lili kubanki ndi kuntchito, makamaka ngati bambo ankagwiritsa ntchito mfunda pena, dzina la bambo awo pena.

Musayembekezenso kuti satifiketi ikatuluka mawa lake mukatenga ndalama. Ine ndinathamanga nayo kubanki ndikumwetulira, anangoijambula n'kundiuza kuti tsopano ndikatenge kalata ya kukhoti yondipatsa mphamvu zoyendetsera chumacho. Chuma chikakhala chochepa amathandiza kwa bwanamkubwa, chikakhala chambiri nkhani imapita ku Administrator General, ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, kapena kukhoti lalikulu, ndipo konseko pepala loyamba kulifunsa ndi lomweli. Za penshoni zokha zinayenda msanga, chifukwa malemu anali atalemba mayina a ana pafomu ya kuntchito, koma nakonso anayamba afunsa satifiketi. Jambulitsani makope asanu kapena kuposa, mukadinditse kwa majisitireti kapena kwa loya, yeniyeniyo muzingoonetsa, isagone muofesi ya munthu.

Kubanki pitani mawa lomwe mukanene kuti bambo anamwalira, atseke akauntiyo, ngakhale satifiketi isanatuluke. Inde mudzavutika miyezi ingapo ngati mmene ndinavutikira ine, koma foni ndi khadi la bambo zili ndi ndani panopa? Ndipo achibale a bambo musakangane nawo, ayankhuleni mofatsa, muwatenge popita kwa amfumu, chifukwa kwa bwanamkubwa adzafuna kuti a mbali zonse akaonekere pogawa. Koma chiphaso cha malemu chigone m'chikwama chanu usiku uno, ngakhale atapempha ndi amalume.