Nkhondo inatha mu 1992, nanga mabomba akupheranji anthu mpaka lero?

"Achimwene, mayi anga anabadwira ku Angoniya ndipo anathawira kuno ku Dedza nthawi ya nkhondo ya Renamo. Tikapita kumudzi kwawo saloleza ana kupatuka m'njira, ati kuli mabomba. Ine ndimaona ngati ndi mantha akale chabe. Kodi chitsulo chokwiriridwa zaka zoposa 30 sichinachite dzimbiri n'kufa? Ndipo si paja analengeza kuti ku Mozambiki anachotsa onse?" Wowerenga wa ku Dedza.

Achemwali, mayi akunena zoona, ndipo chifukwa choyamba chili pa mawu anu akuti chitsulo. Mabomba ambiri okwirira amene amadula anthu miyendo si achitsulo. Titenge limodzi limene linafala kwambiri pa nkhondo ya ku Mozambiki, la mtundu wa PMN, lopangidwa ku Soviet Union. Kukula kwake n'kofanana ndi kambale kakang'ono, thupi lake ndi la pulasitiki wolimba, ndipo pamwamba pali chivindikiro cha mphira. M'kati muli wonga wa TNT wolemera magalamu 240. Mulibe batire loti lingathe mphamvu, mulibe wotchi. Muli sipuling'i yopanikizidwa, imene yagwira kamsomali koloza kachoyatsira. Phazi likaponda pamphira paja, chotchinga chimatsika, kamsomali kamafwamphuka n'kumenya kachoyatsira, wonga wonse n'kuphulika. Zili ngati diwa lotchera mbewa: wotchera akhoza kusamuka, kukalamba, ngakhale kumwalira, koma mwala ukadali pa kamtengo kake kudikira wokhudza. Kulemera kofunika kuti liphulike ndi makilogalamu ochepa chabe, moti mwana wa sitandade 1 kapena mbuzi akukwana.

TNT ndi wonga wouma mtima. Sasungunuka m'madzi mwachisawawa, sawola, chiswe sichimudya, ndipo akatsekeredwa m'pulasitiki amakhala zaka makumimakumi ali ndi mphamvu zake. Alipo mabomba amene amafadi ndi ukalamba. La mtundu wa PMD-6 ndi kabokosi kamatabwa, ndipo m'dothi lachinyezi matabwawo amawola. Vuto n'lakuti munthu woyenda pamwamba sangadziwe kuti pansi pali lakufa kapena lamoyo, ndiponso bokosi likawola, wonga ndi kachoyatsira nthawi zina zimatsala zili bwinobwino. Kukalamba kwa bomba sikulichititsa kukhala lofatsa nthawi zonse: zotchingira zikadyeka, likhoza kuphulika ndi kakukhudza kochepa kuposa kale.

Koma kulimba kwa bomba ndi theka chabe la nkhaniyi. Theka linalo, limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu, n'lakuti anthu amaiwala pamene bomba lili msanga kuposa mmene bombalo limafera, ndipo pamene akuiwala, njala ya malo ikukula. Kuti zimveke bwino, tiyeni tipite ku malire a chigawo cha Tete ndi Zimbabwe, cha ku Mukumbura.

M'zaka za m'ma 1970, asilikali a boma la azungu la Rodeshiya ankafuna kutseka njira za omenyera ufulu amene ankalowa kuchokera ku Mozambiki. Anatchera mzere wa mabomba wotalika makilomita mazanamazana motsata malire. Mzere woyamba unali wa mamita pafupifupi 25 m'lifupi, wotchingidwa ndi waya mbali zonse ziwiri, ndipo m'madera ena munali mabomba okwana 5,500 pa kilomita imodzi. Kenaka anawonjezera mzere wina wa mabomba okhomedwa pa zikhomo, olumikizidwa ku kawaya kokola mwendo, ndipo mozungulira chikhomo chilichonse anakwirira ena ang'onoang'ono kuti wofuna kuchotsa aphulike. Nkhondo imeneyo inatha, Zimbabwe inalandira ufulu mu 1980.

Ndiye taonani zimene zinachitika pambuyo pake. Waya wa mpanda uja anthu anamasula n'kukatchingira minda ndi makola, kapena kukatchera nyama. Zikwangwani zinagwa, moto wa tchire unapsereza mitengo ya mpanda, thengo linamera. Patapita zaka khumi, mzere umene unkaoneka ndi maso unasanduka tchire wamba, lobiriwira kuposa malo ena onse chifukwa palibe ankadulamo nkhuni kapena kudyetsamo ziweto. Ng'ombe ikaona msipu wotero chilimwe siimva za mbiri ya nkhondo. Imalowa, ndipo mnyamata woweta, podziwa chimene chimudikira kunyumba akabwera popanda ng'ombe, amaitsatira. Ku Zimbabwe akuti ziweto zoposa 120,000 zinafera m'mizere imeneyi chiyambire 1980, ndi anthu oposa 1,500.

Apa pali chinthu chimene anthu a m'tauni samachimvetsa. Ambiri ovulala si oti sankadziwa. Malire aja anadula pakati pa abale, pakati pa mudzi ndi mtsinje, pakati pa ana ndi sukulu. Anthu anapanga tinjira todutsa m'kati mwa mabomba, nthawi zambiri potsata pamene ziweto zinadutsa osaphulika, ndipo anayenda m'tinjira timeneto zaka ndi zaka. Kanjira kotero ndi kabwino mpaka tsiku limene wina wapatuka phazi limodzi kupisa ngolo, kapena mvula yakokolola dothi n'kusuntha bomba. Mabomba apulasitiki ndi opepuka, madzi amawanyamula. Chigumula cha mu 2000 kumwera kwa Mozambiki, cha ku mtsinje wa Limpopo, chinasuntha mabomba ndi kuchotsa zizindikiro m'malo amene anali atalembedwa kale pa mapu. Nthaka imathanso kulikwirira mozama, likhale chete zaka 20, kenaka khasu la wolima mphanje kapena wokumba maziko a nyumba lilipeze.

Ku Mukumbura zinthu zinapepukako chifukwa mabomba anatcheredwa m'mizere, ndi asilikali otsata ndondomeko. Nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992, imene mayi anathawa, inali ina. Frelimo inkatchera mozungulira midzi, milatho, makampu ndi mapolo a magetsi. Renamo inkatchera m'misewu, m'njira za kuchitsime ndi kuminda. Ambiri sanalembedwe paliponse. Wodziwa anali wotcherayo, ndipo mwina anafa chaka chomwecho. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anali ku Malawi anayamba kubwerera kumidzi imene sanaione zaka zambiri. Anabwerera kukalima minda yomwe ankaidziwa bwino isanatcheredwe, ndipo kudziwa kumeneko n'kumene kunkawapereka. M'badwo wa mayi unaphunzira ndi maliro kuti njira yopondedwa ndiyo yoyendamo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sanangochotsa onse zaka ziwiri zoyambirira. Onani mmene ntchitoyo imayendera. Wochotsa mabomba amagwada m'kanjira ka mita imodzi m'lifupi, atavala chotchinga kumaso ndi pachifuwa. Amayamba wafufuza kawaya kokola mwendo ndi kandodo kopepuka, n'kudula udzu pang'onopang'ono, kenaka n'kuyendetsa makina omva chitsulo. Makinawo akalira, amakumba chapambali, osati pamwamba, mpaka aone chimene chalira. Muyezo wofala ndi woti nthaka iyeretsedwe kufika masentimita 13 kuya kwake. Pamalo pomwe panamenyedwa nkhondo, kulira kochuluka kumakhala kwa makoko a zipolopolo, zidutswa za waya ndi zitini, koma chilichonse amachikumba ngati bomba. Bomba la R2M2 la ku South Africa, limene ladzaza mizere ya ku Rodeshiya ija, lili ndi kachitsulo kochepetsetsa, choncho makina amawatchera kuti azimva ngakhale kamsomali. Ndipo dothi lofiira la katondo, pokhala ndi chitsulo chachilengedwe, limaliza makina palokha. Tiyerekeze kuti munthu mmodzi wayeretsa masikweya mita 25 pa tsiku. Ekala imodzi ili ndi masikweya mita opitirira pang'ono 4,000. Ndiye kuti munda umodzi wa chimanga ukumudyera masiku ogwira ntchito 160. Bomba limene linagulidwa madola atatu kapena makumi angapo limafuna madola mazana, mwina mpaka 1,000, kuti lichotsedwe.

Za kulengeza kuja, n'zoona. Pa 17 Seputembala 2015 boma la Mozambiki linalengeza kuti lamaliza, patatha zaka 22 ntchito ili m'kati. Bungwe la HALO Trust lokha linachotsa mabomba oposa 171,000, kuphatikizapo masauzande ambiri amene Apwitikizi anatchera kuzungulira damu la Cahora Bassa. Inali ntchito yaikulu ndipo ngozi zinachepa kwambiri. Sindikufuna muganize kuti Angoniya yense ndi msampha. Koma chilengezo chimenecho, motsata pangano la mayiko loletsa mabomba okwirira, la ku Ottawa la 1997, chimatanthauza kuti malo onse odziwika kapena okayikiridwa ayeretsedwa. Bomba limodzi lotcheredwa pansi pa mtengo wa mango ndi munthu amene sanauze wina silinali pa mndandanda wa aliyense. Ndipo panganolo limakamba za mabomba okwirira otchera anthu, silikamba za zipolopolo za mizinga, maroketi ndi mabomba oponya pamanja amene anawomberedwa koma osaphulika, kapena amene asilikali anabisa m'maenje.

Zotsala za mtundu umenewu ndi zimene ndingaope kwambiri lero kwa ana anu. Chipolopolo cha mzinga chikawomberedwa, zotetezera zake za m'kati zimamasuka chili m'mlengalenga. Chikagwera m'matope osaphulika, chimakhala chokonzeka kale, chikungosowa kugwedezedwa. Izi ndizo zachitsulo zenizeni, zimachita dzimbiri kunja n'kumaoneka ngati zakufa, pamene wonga uli bwinobwino m'kati. Sizibisala ngati bomba lokwirira, zimaonekera, ndipo n'chifukwa chake zimapha ana: amatola, amagenda, amagogoda ndi mwala anzawo atazungulira. Akuluakulu amafa pofuna kugulitsa kwa ogula zitsulo zakale, kapena potentha zinyalala m'munda moto n'kufika pamene chagona. Ku Zimbabwe kuli ngakhale bodza lakuti m'mabomba muli mekyule wofiira wa ndalama zambiri, ndipo anthu afa akuyesa kuwatsegula. Mulibemo chinthu choterocho. Pa anthu 5,757 amene anaphedwa kapena kuvulazidwa ndi mabomba okwirira ndi zotsala za nkhondo padziko lonse mu 2023, oposa 8 pa 10 alionse anali anthu wamba, ndipo mwa anthu wambawo, oposa gawo limodzi mwa magawo atatu anali ana.

Mukapitanso kumudzi, funsani akuluakulu a pamalopo kuti makampu a asilikali anali pati, ndipo ndi malo ati amene anthu salima ngakhale nthaka ili yabwino. Miyala yopakidwa penti yofiira kapena chikwangwani cha chigaza cholembedwa PERIGO MINAS ndi chenjezo loonekeratu. Mafupa a ziweto m'tchire losadyetsedwa ndi chenjezonso. Ana muwauze kuti chachitsulo chachilendo sachikhudza, sachiponyera mwala, sachinyamula kukaonetsa akulu. Achoke podzera mmene anabwerera, akauze munthu wamkulu, nkhani ifike kwa amfumu ndi kupolisi. Ndipo mukawoloka kupita ku Zimbabwe, kumeneko musadalire chilengezo cha 2015 n'komwe: m'madera ena a m'malire ntchito ikadali m'kati, boma linalonjeza kumaliza pofika 2025 koma linapemphanso zaka zina.