Pokopera fomu, funso lilembedwe kamodzi, yankho lilowe momwe liliri

"Aphungu, ndinalemba MSCE chaka chatha ndipo ndimakhala ku Ngabu. Bungwe lina likufuna anthu olowetsa mafomu a mabanja okhudzidwa ndi madzi osefukira mu kompyuta. Pondiyesa anandipatsa mafomu khumi, ine ndinataipa zonse zimene zinali papepalapo, mzere ndi mzere. Oyang'anira anati ndasakaniza, ndidzabwerenso sabata yamawa. Ndinalakwitsa pati?"

Mwana wanga, pa fomu yodzazidwa pamakhala zolemba za anthu awiri. Woyamba ndi amene anakonza fomuyo n'kuisindikiza, mawu ake ndi mafunso: Boma, T/A, Mudzi, Amuna, Akazi. Wachiwiri ndi kalembera amene anayenda m'mudzi ndi bolopeni, mawu ake ndi mayankho. Mafunso ndi amodzimodzi pa mafomu onse, kaya alipo khumi kaya 500, choncho amalembedwa kamodzi kokha, pa mzere woyamba wa Excel, funso lililonse m'kabokosi kake. Kuyambira mzere wachiwiri kutsika m'munsi mumalowa mayankho okhaokha, fomu imodzi mzere umodzi. Ukataipa "Amuna 3" m'kabokosi kamodzi, kompyuta imaona mawu, siiona nambala, ndipo oyang'anira akafuna kuphatikiza amuna onse a m'dera la Ngabu, nambala yakoyo imadumphidwa. Kusakaniza kumene ananena n'kumeneko.

Usanakhudze kiyibodi, pempha fomu yosadzaza. Ikakhala kuti palibe, tenga mafomu awiri odzazidwa, uwasanjikize, uwakweze pa windo pamene pakulowa kuwala kwa dzuwa. Zilembo zimene zagonerana ndendende ngati chinthu chimodzi ndiwo mafunso. Zimene zikusemphana ndiwo mayankho. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa kungoti "zosindikiza ndi mafunso, za pamanja ndi mayankho", chifukwa lamulo limenelo limanama pawiri.

Poyamba ndi pa nambala ya fomu. Imakhala yosindikizidwa pakona, koma fomu iliyonse ili ndi yakeyake, ndiye kuti ndi yankho, ndipo iyenera kulowa m'kabokosi koyamba ka mzere uliwonse. Popanda iyo, cholakwika chikapezeka palibe amene angabwerere ku pepala lake. Pachiwiri ndi pa mafunso osankha. Pafomu pasindikizidwa kuti "Nyumba: Yagwa / Yang'aluka / Ili bwino", kalembera sanalembe liwu lililonse, wangozunguliza "Yagwa". Apa funso ndi "Nyumba", yankho ndi liwu lozungulizidwalo, ngakhale ndi losindikiza. Mawu awiri otsalawo sakopedwa ayi. Pena kalembera amachonga, chizindikiro chake n'kugwera pakati pa mawu awiri. Zikatero yang'ana mafomu ena a dzanja lomwelo, uone ngati amachonga kutsogolo kapena kumbuyo kwa liwu limene wasankha. Munthu sasinthasintha kachongedwe kake.

Tiye titenge fomu imodzi. Pakona pali 0147. Pa Boma alemba Chikwawa, pa T/A alemba Ngabu. Pa Amuna pali 3, pa Akazi pali 4, pa Onse panali 6 koma anakhwatcha n'kulemba 8 pamwamba. Pa Nyumba azunguliza Yagwa. M'mbali mwa pepala, pamene palibe funso lililonse, alemba mopendekeka kuti "ali ku kampu". Mu kompyuta ziyenera kuoneka chonchi:

```
fomu | boma     | TA    | amuna | akazi | onse | nyumba | ndemanga
0147 | Chikwawa | Ngabu | 3     | 4     | 8    | Yagwa  | ali ku kampu; 3+4 si 8
```

Taona zimene zachitika ndi 8 uja. Aliyense akudziwa kuti 3 kuphatikiza 4 ndi 7, ndipo dzanja limayabwa kuti ukonze. Usakonze. Iwe sunapite pakhomopo. Mwina pali khanda limene kalembera analiwerenga pa Onse koma anaiwala kuliika pa amuna kapena akazi, ndipo ukalemba 7 wachotsa mwana pa mndandanda wa chithandizo. Ndimanena izi mtima ukundiwawa, chifukwa kuno ku chigwa taona mu 2022 ndi namondwe Ana, ndiponso mu 2023 ndi namondwe Freddy, kuti mndandanda wotere ndi umene umalamula kuti ufa ndi malona zifike pakhomo liti. Kopera 8 monga alembera, siya 6 wokhwatchidwayo, ndipo kukayika kwako ukulembe mu ndemanga kuti oyang'anira afunse kalembera. Mawu a m'mbali aja nawonso malo ake ndi mu ndemanga, usawakankhire pansi pa funso limene si lawo.

Malo osadzazidwa uwasamale chimodzimodzi. Pamene kalembera sanalembe kanthu n'posiyana ndi pamene walemba 0. Ziro pa Amuna akutanthauza kuti pakhomopo palibe mwamuna, pomwe mpata ukutanthauza kuti funsolo silinayankhidwe. Siya kabokosi kopanda kanthu, kapena funsa oyang'anira chizindikiro chimene iwo amaikapo. Chachikulu n'chakuti ukadumphe ndi batani la Tab kabokosiko. Ambiri amaiwala kudumpha, yankho lotsatira n'kulowa m'malo a mnzake, ndipo mzere wonse umasunthira kumanzere mpaka "Yagwa" kukapezeka pansi pa Onse.

Uonetsetsenso kumene funso lakhala. Mafomu ena amaika funso kumanzere kwa mzere wolembapo, ena pamwamba, ena pansi pake m'tizilembo ting'onoting'ono. Pa mafomu a mtundu wachitatuwu, wosazolowera amapatsa yankho lililonse funso la mzere wa pamwamba pake, fomu yonse n'kusokonekera. Yesa ndi yankho losakayikitsa: peza pamene palembedwa Chikwawa kapena Nsanje, uone kuti liwu loti Boma lili mbali iti. Mafunso enawo nthawi zambiri amatsata dongosolo lomwelo.

Excel nayo ili ndi khalidwe lake. Ukataipa 0147 imameza ziro n'kusiya 147, ndipo imachita chimodzimodzi ndi manambala a foni, amene kwathu kuno amayamba ndi ziro, monga 099 kapena 088. Usanayambe kutaipa, sankha mzere wotsika wa nambala ya fomu ndi wa foni, dina Ctrl+1, pa Format Cells usankhe Text. Kenako pita pa View, Freeze Panes, Freeze Top Row, kuti mafunso aja azioneka pamwamba ngakhale utafika pa fomu ya 200.

Ukamaliza, werenga mafomu ndi dzanja. Akakhala khumi, mizere ikhale 11 pamodzi ndi wa mafunso. Kenako usawerenge chopingasa monga unataipira, werenga chotsika, funso limodzi panthawi. Pansi pa Boma pazikhala maboma okhaokha, pansi pa Akazi manambala okhaokha. Dzina la mfumu likapezeka pakati pa manambala, mzere umenewo unasuntha, ndipo nambala ya fomu ikulozera pepala loti ubwerereko. Zilembo zofanana, monga 1 ndi 7 kapena 5 ndi S pa nambala ya chiphaso cha unzika, sizigwidwa ndi njira imeneyi. Zimafuna mnzako wowerenga pepala mokweza iwe ukuyang'ana pa kompyuta.

Sabata ino, ngati kompyuta ili patali, tenga kope la masamu, ujambule mizere yotsika ndi rula, ulembe mafunso pamwamba. Dzikonzere fomu ya mafunso asanu ndi atatu, abale ako atatu kapena anayi aidzaze ndi mayankho ongopeka, aliyense ndi dzanja lake, wina akhwatche, wina asiye mpata. Mafomu enieni a bungwe aja usawatenge kunyumba kapena kuwajambula pa foni kuti ukayeserere, muli maina ndi manambala a eni ake.