Laputopu ikasweka panjira, akulipirani ndalama zingati?

Funso: "Achimwene anga ali ku Joni akufuna kunditumizira laputopu kuno ku Mchinji kudzera pa kampani yotumiza katundu pa ndege. Anaigula madola 600. Pa fomu akuti alembe mtengo wake, kenako akufunsanso ngati akufuna inshuwalansi. Kodi si chinthu chimodzi chomwecho? Anzanga akuti tilembe madola 200 kuti msonkho uchepe. Nanga ikasowa kapena kusweka, atibwezera chiyani?"

Achemwali, si chinthu chimodzi ayi, ndipo achimwene anuwo asasaine fomuyo asanaone kuti nambala iliyonse ikupita pati. Pa mafomu a makampani ambiri pamakhala malo awiri olembapo mtengo. Pena pamalembedwa kuti "Declared value for customs": umenewo ndi mtengo umene a kasitomu, kuno kwathu a MRA, amayambirapo powerengera msonkho. Pena pamalembedwa kuti "Declared value for carriage": umenewo ndi malire a ndalama zimene kampaniyo ingakulipireni ikapezeka kuti ndiyo yalakwitsa. Inshuwalansi ndi pangano lina lapadera, lokhala ndi malipiro ake ndi malamulo ake. Kulemba mtengo pamalo a kasitomu pokha sikuti mwateteza katundu. Mwangouza boma chimene chili m'katonimo.

Tiyambe ndi pamene simunalipire kanthu kena kalikonse pamwamba pa ndalama yotumizira. Kampani siiwerengera kuti m'katoni munali chiyani, imawerengera kulemera kwake. Pa katundu woyenda pa ndege kuchoka dziko lina kupita lina, makampani akuluakulu amatengera mlingo wa m'pangano la ku Montreal la 1999, umene kuyambira kumapeto kwa 2024 uli pa 26 SDR pa kilogalamu iliyonse. SDR ndi muyezo wa ndalama wa bungwe la IMF, ndipo 26 SDR ndi pafupifupi madola 35. Laputopu yanu pamodzi ndi chaja ndi katoni yake tinene kuti ikulemera makilogalamu 3. Ikasowa, malire ndi 78 SDR, ndiye kuti madola 105 kapena chapompo, pa chinthu cha madola 600. Ikayenda pamsewu, ena amalemba 8.33 SDR pa kilogalamu, zomwe pa katoni yomweyo sizingafike ngakhale madola 40. Kudzera ku positi, malamulo a bungwe la mapositi la dziko lonse, UPU, amati phukusi wamba likasowa chipukuta misozi ndi 40 SDR kuphatikiza 4.5 SDR pa kilogalamu, komanso kubweza ndalama yotumizira. Pa makilogalamu 3 zikukwana 53.5 SDR, madola 70 ndi pang'ono. Mukuona nokha kuti muyezo woterewu umakomera wotumiza thumba la zovala, koma wotumiza foni kapena laputopu, zinthu zopepuka koma zodula, umamugwetsa m'mavuto.

Ndiye kukweza malirewo kuli panjira ziwiri. Yoyamba ndi kulemba madola 600 pamalo a "Declared value for carriage" n'kulipira kandalama kowonjezera. Apa malire akwera kufika pa 600, komabe muyenera kuonetsa kuti katunduyo wawonongekera m'manja mwa kampaniyo, komanso kuti mwatayadi ndalama zochuluka choncho. Yachiwiri ndi inshuwalansi yeniyeni, imene imalipira katundu akasowa kapena kuwonongeka ndi chinthu chochokera kunja kwa katoni, monga kugwa, kupsa, kunyowa kapena kubedwa, popanda kulimbana kwambiri ndi funso loti wolakwa ndani. Makampani ena ali ndi njira imodzi yokha mwa ziwirizi, ndipo wa pakauntala amangoti zonse ndi inshuwalansi. Achimwene afunse mosabisa kuti chimene akugula ndi chiti, ndipo aonetsetse kuti chalembedwa pa pepala lotumizira katundu, mtengo wake ndi ndalama imene alipira. Mawu a pakamwa a munthu wa pakauntala sawerengedwa tsiku lodandaula.

Tsopano nkhani ya anzanu aja a madola 200. Nambala imene mwalemba ndi denga. Mukalemba 200, laputopu n'kusowa, simungalandire zoposa 200, ngakhale mutabweretsa lisiti la 600. Komanso makampani ambiri salola kuti mtengo wotetezera katundu upose umene mwauza a kasitomu, choncho maganizo olemba 200 uku ndi 600 uko sagwira ntchito. Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti kuchepetsa mtengo kumapwetekanso katundu akangowonongeka mbali imodzi. Mapangano ambiri a inshuwalansi ya katundu amati ukateteza gawo lokha la mtengo weniweni, nawonso amalipira gawo lomwelo la chimene chawonongeka. Tiyerekeze kuti sikirini yasweka ndipo wokonza ku Lilongwe wati kuika ina ndi madola 150. Munateteza 200 pa 600, gawo limodzi mwa magawo atatu. Akupatsani madola 50, otsalawo 100 mutulutsa m'thumba mwanu. Ngati panganolo lilinso ndi kagawo koyamba kolipira mwini wake, achotsanso kameneko. Pamwamba pa izo, a MRA sakakamizidwa kukhulupirira nambala yanu. Akaona kuti siikugwirizana ndi katunduyo, ali ndi mphamvu zoika mtengo wawo, kusunga katundu ndi kulipiritsa chindapusa, ndipo za katundu wogwidwa ndi a kasitomu inshuwalansi siilowererapo.

Kukweza mtengo mopitirira muyezo nakonso n'kungotaya ndalama. Mukalemba 1,000 pa chinthu cha 600, adzalipira chochepa pakati pa zimene munalemba, mtengo wake weniweni, ndi mtengo wokonzetsera. Ngati laputopuyo achimwene aigwiritsapo ntchito zaka ziwiri, mtengo weniweni ndi umene ingagulidwe lero, osati wa tsiku limene inatuluka m'sitolo. Ndalama yotumizira ndi msonkho umene mwalipira kale sizilowa zokha m'chipukuta misozi. Amalonda otumiza katundu wambiri amateteza mtengo wa katundu, ndalama yonyamulira ndi ya inshuwalansi, n'kuikapo 10 pa 100 aliyense pamwamba. Pa phukusi limodzi ngati lanuli, ingofunsani ngati ndalama yotumizira ingaphatikizidwe.

Madandaulo ambiri a katundu wosweka amagwera pa kapakidwe. Pafupifupi pangano lililonse limakana kulipira chinthu chimene sichinalongedzedwe bwino, ndipo woyeza amene kampani imatuma kudzaona zowonongeka amayamba kuona katoni asanaone laputopu. Katoni yokongola ya m'sitolo ija payokha siikwanira. Ilowe m'katoni ina yolimba, yatsopano, pakati pake pakhale zofewetsa zokwana masentimita 5 mbali zonse zisanu ndi imodzi, kuti mukaigwedeza musamve kanthu kakusuntha. Chaja ikulungidwe payokha, isagone pamwamba pa chivundikiro, chifukwa pulagi yake ndiyo imathyola sikirini katoni zina zikasanjikizidwa pamwamba. Mipata yonse ya katoni itsekedwe ndi tepi yaikulu, pakati ndi m'mbali momwe. Kukulunga m'bulangete n'kuika m'chikwama cha zovala, monga timachitira tikamabwera tokha pa basi, kwa woyeza n'chimodzimodzi kusapakira n'komwe. Asanatseke, achimwene ajambule laputopu ili yoyaka, nambala yake ya pansi ija ikuoneka bwino, ajambulenso ili m'katoni, ndi katoni itatsekedwa. Batire likhale m'kati mwa laputopu momwemo ndipo anene kuti lilimo. Batire lapadera loponyedwa m'katoni mobisa lingachititse kuti phukusi likanidwe pa ndege, ndi dandaulo lanu lomwe.

Palinso zina zimene sadzalipira ngakhale mutapakira bwino chotani: mafayilo ndi zithunzi zimene zinali m'kati, ntchito imene yakuphonyani chifukwa phukusi lachedwa, ndalama zenizeni zimene achimwene angatsekere m'katonimo, ndi laputopu yongokana kuyaka pamene katoni ilibe bala lililonse. Chomalizachi amachitenga ngati vuto la makinawo, nkhani ya kwa amene anagulitsa.

Kwa inu a ku Mchinji pali kampata kena koyenera kukayang'anitsitsa. Funsani kuti ulendo wotetezedwawo ukuthera pati. Ngati pa pepala palembedwa kuti katundu akatengedwa ku ofesi ya ku Lilongwe, chitetezo chimatha pamene munthu wasaina kumeneko. Mukatuma mlamu wanu kuti akatenge n'kupatsira kondakitala wa minibasi, makilomita oposa 100 a msewu wa M12, kudutsa Namitete ndi Kamwendo, katoniyo ikuyenda pa ngozi yanu, mwina ili pansi pa mpando thumba la feteleza litaitsamira. Ndi bwino adiresi ikhale ya ku Mchinji konkuno ngati kampaniyo imafikako, apo ayi mupite nokha mukaitsegulire pomwepo.

Tsiku lolandira, musathamangire kusaina. Siginecha yopanda mawu ena imatanthauza kuti katundu wafika ali bwino. Tembenuzani katoni mbali zonse. Ngodya yophwanyika, chibowo, banga la madzi, kapena tepi ya mtundu wina yomatidwa pamwamba pa ya achimwene, zonsezo muzilembe pa pepala kapena muuze wobweretsayo azilowetse m'makina ake musanasaine, monga "katoni yabooka pangodya, tepi yasinthidwa". Yerekezaninso kulemera: ngati pepala likuti makilogalamu 3 koma katoni ikupepuka ngati muli mapepala okhaokha, itsegulireni pamaso pake, wina akujambula vidiyo pa foni. Mukapeza chosweka, musataye katoni ngakhale zofewetsa zija, ndipo musapite nayo kwa wokonza kuti aitsegule kampani isanaione. Wokonza angokulemberani mtengo wokonzera basi.

Kenako nthawi. Pa katundu wa pa ndege, pangano la ku Montreal limapereka masiku 14 kuchokera tsiku lolandira kuti dandaulo la katundu wowonongeka liperekedwe molemba, ndi masiku 21 ngati nkhani ndi kuchedwa. Makampani ena ali ndi malire awoawo, ndipo pali ena amene amawerenga masiku 30 kuchokera tsiku limene analandira phukusi kwa wotumiza, osati limene lafika kwa inu, choncho likachedwa sabata ziwiri kwa a kasitomu, theka la nthawi yanu lapita kale. Ku positi, kufunsa za phukusi losowa kumaloledwa m'kati mwa miyezi 6. Kuimba foni sikuimitsa masikuwa. Lembani kalata kapena imelo yokhala ndi nambala ya phukusi, lisiti logulira, zithunzi za ku Joni ndi za kuno, ndi pepala la wokonza. Kawirikawiri woyenera kudandaula ndi amene anatumiza, poti ndiye anapangana ndi kampani, ndipo ndalama zimapita kwa iye pokhapokha atalemba kuti zilipiridwe kwa inu. Ndiye zithunzi zanu zipite kwa achimwene tsiku lomwelo, iwo akatsegule dandaulo ku Joni, inu musunge katoni ndi laputopu momwe zafikira mpaka woyeza atabwera kapena kampani italemba kuti sikufunikanso kuziona.