Kusamuka sikufufuta dzina pa pangano la lendi

"Ndinasaina pangano la lendi pamodzi ndi mnzanga. Ine ndinasamuka mwezi wathawu, iye watsala m'nyumbamo. Ndiwauze bwanji alandilodi kuti achotse dzina langa?"

Achimwene, chitanipo kanthu sabata yomwe ino, musagone nazo. Ndangowerenga mtima n'kuyamba kugunda, chifukwa ine zimenezi zinandiliza misozi yeniyeni, munthu wamkulu ndithu.

Tinasaina anthu awiri, pangano la miyezi 12, pepala limodzi, dipoziti ya mwezi umodzi tinasonkherana theka theka. Kumapeto kwa mwezi wachisanu anandisamutsa kuntchito. Ndinapita kwa alandilodi, ndinawafotokozera zonse titaima pageti, iwo akumwetulira, "palibe vuto, pitani bwino, mnzanuyu tikhala naye." Ndinasiya makiyi m'manja mwa mnzangayo, ndinakweza katundu, ulendo. Mumtima ndinkati ndathana nayo nyumbayo. Ndili m'njira ndinawatumiziranso meseji yotsanzika, anayankha mawu amodzi okha, "chabwino."

Mnzanga uja analipira yekha mwezi wachisanu ndi chimodzi, wachisanu ndi chiwiri ndi wachisanu ndi chitatu, kenako zii. Palibe anandiuza. Iyeyo tinkachezerana pafoni nthawi zonse, kuseka, kufunsana za kuntchito, osatchulako ngakhale kamodzi kuti lendi yamukanika. Alandilodi nawonso nambala yanga anali nayo, sanandiimbire. Ngongole inakwera miyezi 6 yathunthu, ndipo usiku wina mnzangayo anasasa katundu wake n'kuzimitsa foni.

Kalata ya loya inandipeza kuntchito. Amene anaibweretsa anaima pakati pa ofesi n'kutchula dzina langa lonse mokweza, anzanga onse mitu dzuu. Ndinasainira kuti ndalandira dzanja likunjenjemera, ndinakaitsegulira kuchimbudzi chifukwa cha manyazi. Ndinaiwerenga katatu osamvetsa. Ankafuna lendi yonse ya miyezi 6, osati theka langa ayi, yonse, kuchotsapo dipoziti ija, kuwonjezerapo chitseko chothyoka, magalasi awiri a mawindo ndi bilu ya madzi. Nyumba imene ndinali nditatulukamo miyezi 9 yapitayo! Chitsekocho ine ndinachisiya chili bwinobwino, koma chithunzi ndinalibe ngakhale chimodzi.

Mawa lake ndinapita kwa loyayo nditakwiya, foni m'manja, kumuwonetsa "chabwino" uja. Sanakweze mawu. Anatulutsa pangano, n'kuika chala pa ndime ina ya tsamba lachiwiri, akuti ndiwerenge ndekha. Inkanena kuti osainafe tili ndi udindo wolipira lendi yonse, tonse pamodzi komanso aliyense payekha. Tanthauzo lake, mwininyumba sawerengera kuti uyu theka, uyu theka. Zogawana ndi za inu awiri kumbali. Iye amatha kufuna ndalama yonse kwa amene wam'peza, ndipo amapita kwa amene ali ndi ntchito yodziwika ndi adiresi yodziwika. Ameneyo ndinali ine. Ndinati koma pangano linatha pa mwezi wa 12, nanga miyezi iwiri yapamwambayo ikundikhudza bwanji? Chala chinatsikira m'munsi. Munalembedwa kuti ngati palibe wapereka notisi yolemba kutatsala miyezi iwiri, panganolo lipitirira lokha mwezi ndi mwezi, ndi mayina omwewo. Za meseji ija anati ikungosonyeza kuti alandilodi anadziwa kuti ndasamuka, sikusonyeza kuti anandimasula. Ndinakhala pampandopo miyendo itazizira.

Alandilodi aja mpaka lero ndikawakumbukira chimandiwawa. Anadziwa bwino lomwe kuti dzina langa likadali papepala, n'chifukwa chake sanade nkhawa ngongole ikukwera. Akanandiimbira mwezi woyamba womwe, ndikanakakamiza mnzangayo kutuluka kapena kupeza wina wolowa m'malo mwanga. Anakhala chete miyezi 6 akudziwa kuti pali wowalipira. Nditawafunsa za "palibe vuto" uja anayang'ana kumbali, ati sakukumbukira. Mnzangayo ndiye ndisayambe n'komwe. Munthu tinkabwerekana zovala, ndinamudikirira kuchipatala atadwala, wandisiyira ngongole n'kusintha nambala.

Ndinalipira, pang'onopang'ono kwa miyezi 10, titagwirizana kuti nkhani isapite kukhoti. Za magalasi anandichotsera nditalimbana nawo kwambiri.

Ndiye inuyo yambani ndi kuwerenga pangano lanu usiku uno, muone ngati muli mawu aja a "pamodzi komanso aliyense payekha", tsiku lothera, ndi zimene zimachitika likatha. Dziwaninso kuti panganolo likadali pakati, alandilodi sakakamizidwa kuchotsa dzina lanu. Kwa iwo mayina awiri ndi chitetezo kuposa limodzi. Mukupita kukapempha, ndiye pitani modzichepetsa, musakalipe ngati mmene ndinachitira ine, ngakhale kunena zoona anandichotsera za magalasi chifukwa choti ndinakalipa.

Chimene mukupempha si "chabwino" wapakamwa. Mwina pangano lakalelo lithetsedwe, mnzanuyo asaine latsopano yekha, apo ayi papezeke munthu wina wolowa m'malo mwanu amene alandilodi amuvomereza. Njira iliyonse mwa ziwirizi, pakhale pepala lonena kuti kuyambira tsiku lakutilakuti inu mulibenso udindo wa lendi, mabilu kapena zowonongeka, ndipo musainepo nonse atatu, inu, mnzanuyo ndi alandilodi. Mnzanuyo ayenera kuvomera chifukwa mtolo wonse ukugwera iye, ndipo alandilodi adzafuna kuona ngati malipiro ake angakwanitse lendi yonse. Akaona kuti sangakwanitse akana, n'chifukwa chake kupita ndi munthu wolowa m'malo kumafewetsa nkhani. Pepala lanulo mulisunge, mulijambulenso pafoni.

Dipoziti musayembekezere kuti alandilodi akubwezerani theka lanu pano. Nthawi zambiri imakhala mpaka nyumba itatuluka anthu onse. Gawo lanu akubwezereni mnzanuyo kapena wolowayo, ndipo zilembedwe papepala lomwelo. Musanasaine bwererani kunyumbako masana, muyendere limodzi chipinda ndi chipinda, mujambule zitseko, mawindo, makoma, ndi manambala a pa mita ya madzi ndi ya magetsi. Ngati bilu ina ili m'dzina lanu ikasinthidwe. Makiyi mupereke kwa alandilodi eni ake, akulembereni kuti alandira.

Akakana zonse, lembani notisi yoti inu simupitiriza panganolo likafika tsiku lothera, muipereke m'nthawi imene yalembedwamo, asainire kuti ailandira. Apa samalani, m'malamulo a mayiko ena notisi ya munthu mmodzi pa pangano la mwezi ndi mwezi imathetsa panganolo kwa nonse, ndiye mnzanuyo mumuuziretu, ndipo ngati mungathe kamuwonetseni wodziwa malamulo mapepala anu musanaipereke.

Pa miyezi yotsalayo musamukhulupirire mnzanuyo ngakhale pang'ono, mwezi uliwonse azikutumizirani lisiti, mufunsenso alandilodi paokha ngati ndalama yalowa. Koma musayambane naye, mumulankhule bwinobwino, chifukwa popanda siginecha yake simutulukamo. Ndipo akaphonya mwezi umodzi ine ndikuti lipirani msanga musanaunjikirane, ngakhale zikundipweteka kukuuzani kuti mulipire nyumba imene simugonamo. Mudzam'londola iye pambuyo ndi malisiti anu m'manja, ine anga onse 10 ndikadali nawo mu envelopu, ndikudikira tsiku lomwe ndidzam'peze.