Msonkho wa pa kilo: ukagwa pamsika, amausenza ndani?

"Ndimaphunzira zachuma ku Chanco, chaka choyamba. Aphunzitsi akuti msonkho wa K500 pa kilo ya mpunga sungakweze mtengo ndi K500 yonse. Mayi anga amagulitsa mpunga mu msika wa Zomba ndipo akuti iwo angangowonjezera basi, wogula alipire. Akulondola ndani?"

Achemwali, mayi sakunama kuti angawonjezere. Nkhani ili poti mtengo umenewo ukhala masiku angati. Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambalawa ndapeka ndekha kuti masamu ayende bwino, musakawatsutse nawo amalonda pamsika.

Tinene kuti P ndi mtengo wa kilo, Qd ndi makilo amene ogula akufuna pa sabata, Qs ndi amene ogulitsa akubweretsa kuchokera ku Domasi ndi ku Likangala:

```
Qd = 12000 - 2P
Qs = -3000 + 3P
```

Msonkho usanabwere, ziwirizi zimafanana pa K3,000, ndipo mpunga wogulidwa ndi makilo 6,000. Tanthauzo la 2 ndi 3 ndi losavuta: mtengo ukakwera ndi K1, ogula amachepetsa makilo 2, ukatsika ndi K1, ogulitsa amachepetsa makilo 3. Ndiye kuti ogulitsa ndi amene amathawa msanga.

Tsopano mayi ndi anzawo onse alemba K3,500 pa katoni ija amaibaya mu thumba. Akachotsa msonkho atsala ndi K3,000 monga kale, choncho abweretsabe makilo 6,000. Koma ogula pa K3,500 akufuna makilo 5,000 okha. Ena atembenukira ku ufa, ena ku mbatata, ena amene ankagula makilo 5 akuti "ndiyezereni atatu". Loweruka madzulo makilo 1,000 akadali m'matumba. Mmodzi amene akufuna ya minibasi ndi ya ndiwo atsitsa pang'ono, woyandikana naye aona makasitomala akumudutsa, atsitsanso. Palibe amene wawalamula. Ogulitsa ndi ambiri, mpunga ndi womwewo, ndiye palibe angaumirire mtengo wake yekha.

Kutsikako kuima pati? Wogulitsa amayang'ana ndalama yotsala m'manja mwake, ndiye mu Qs timaika P - 500:

```
12000 - 2P = -3000 + 3(P - 500)
P = 3300
```

Wogula alipira K3,300, wogulitsa atsala ndi K2,800, makilo atsika kufika pa 5,400. Pa K500 ija wogula wasenza K300, mayi asenza K200, ngakhale lisiti la msonkho lili m'dzina la mayi. Boma litolera K2,700,000. Makilo 600 amene sanagulidwewo phindu lake lapita ndi mphepo, silinafike kwa aliyense: theka la 500 kuchulukitsa ndi 600, K150,000.

Simufunika kubwereza masamu onsewa nthawi iliyonse. Ngati Qd = a - bP ndipo Qs = c + dP, gawo la wogula ndi d/(b + d), la wogulitsa ndi b/(b + d). Apa ndi 3/5 ndi 2/5. Onani kuti d, nambala ya mu Qs ya ogulitsa, ndiyo ikupima katundu wa ogula. Mnzako akakhala wothamanga, mtolo utsalira iwe. Ndipo boma likanati wogula ndiye azipereka msonkhowo pa geti potuluka, mukanaika P + 500 mu Qd n'kupeza K2,800 pa benchi, K3,300 pamodzi ndi ya pa geti. Zomwezomwezo.

Pamayeso ambiri amagwa apa: funso limabwera motembenuza, P = 6000 - 0.5Q, iwo n'kutenga 0.5 ngati b. Bwezani kaye kuti Q akhale yekha kumanzere. Mukamaliza, ikani mtengo wa wogula mu Qd, wa wogulitsa mu Qs. Ngati makilo sakufanana, kapena kusiyana kwa mitengo si K500 ndendende, mwaphonya penapake. Musasokonezenso ndi tikiti ya msika ya tsiku ndi tsiku. Ija simasintha kaya mwagulitsa kilo imodzi kaya 100, ndiye masamu ake ndi ena.

Chimene chimapatsa mayi mphamvu n'choti mpunga umasungika, ndipo akhoza kuutumiza ku Limbe. Taganizani za mnyamata amene watsika ku Ku Chawe ndi mastiroberi othyola kale. Pofika mawa aphwanyika, ndiye agulitsa pa mtengo uliwonse. Kwa iye d ali pafupi ndi 0, msonkho pafupifupi wonse ndi wake. Koma zimenezo ndi za tsiku limenelo. Chaka chamawa akhoza kudzala kabichi m'malo mwake, d akula, ndipo wogula ayamba kuumva msonkho uja m'thumba.

Mukapita kunyumba afunseni mayi kuti tsiku lina atakweza mtengo, anabwerera ndi matumba angati.