Mapepala anayi, mayeso amodzi

"Aphunzitsi anzanga, ndili ndi ana 84 mu Fomu 2 ndipo amakhala atatuatatu pa desiki. Ndikapereka mayeso a masamu amangoonerana. Ndingakonze bwanji mapepala osiyana popanda kukondera ena?"

Aphunzitsi, musanalembe funso n'limodzi lomwe, ganizirani kaye kakhalidwe ka anawo. Mapepala amitundu iwiri sakwana, chifukwa mwana sayang'ana kwa mnzake wapambali yekha, amasuzumiranso paphewa la amene ali kutsogolo. Konzani mitundu inayi. Mzere woyamba mugawe A, B, A, B mpaka kukhoma, wachiwiri C, D, C, D, wachitatu mubwerere ku A ndi B. Mukatero, mwana aliyense akacheukira kumbali, kutsogolo, kumbuyo kapena chopingasa, sapeza pepala lofanana ndi lake. Gawani nokha, musapatse mwana kuti ayendetse. Ana 84 ndiye kuti makope pafupifupi 21 pa mtundu uliwonse, malinga ndi mizere ya m'kalasi, ndalama ya fotokope ndi yomweyo.

Povuta ndi pa manambala. Musamangosintha nambala mwachisawawa. Yambani ndi yankho, funso libwere pambuyo. Ngati pepala A lili ndi 3x + 5 = 20, yankho ndi 5. Pa B sankhani kaye yankho, tinene 6, kenako muwerengere: 4 kuchulukitsa ndi 6 ndi 24, kuphatikiza 7 ndi 31, ndiye funso ndi 4x + 7 = 31. Ana onse awiri achotsera kamodzi, agawa kamodzi, yankho latuluka lathunthu.

Ine ndinapsapo. Tsiku lina ndikuthamangira belu ndinalemba 4x + 9 = 3 pa pepala C. Pamaso likuoneka ngati anzake, koma yankho ndi −1.5. Ana a C anakumana ndi nambala yochepera ziro komanso desimo, anzawo akungoyenda pamsewu wa tala. Ndinazindikira pochonga, nditaona kuti ngakhale ana anga odalirika agwa pa funso lomwelo. Chiyambire pamenepo ndimasova ndekha mapepala onse anayi ndisanasindikize, ndipo ndikamaliza kuchonga ndimayerekeza avereji ya mulu uliwonse. Mulu umodzi ukatsalira kutali, ndimayamba kukayikira pepala langa ndisanakayikire ana.

Mafunso osankha yankho ndi osavuta, mungosakaniza ndondomeko yake. Koma yankho loti "zonse zili pamwambazi" lisachoke pansi, ndipo funso lodalira linzake liziyenda nalo limodzi.

Pochonga, gawani kaye miyulu inayi, mulu uliwonse ndi mayankho ake. Chilembo cha mtundu chikhale chosindikizidwa pa pepala lomwe mwana akuyankhirapo, chifukwa mukawauza kuti alembe okha, ena amaiwala, ena amalemba cha mnzawo mwadala. Ndipo wokopera mumugwira mosavuta. Mudzapeza pepala B lili ndi x = 5, popanda njira iliyonse, pomwe 5 ndi yankho la amene anakhala naye pa desiki.