Kugulitsa firiji yakale kwa anthu osawadziwa

"Ndili ku Salima ndipo ndikugulitsa firiji yogona ya malita 210 yomwe ndinkaumitsira mafirizesi. Ndinaika chithunzi chimodzi pa Facebook, koma anthu akungofunsa mtengo n'kusowa. Ndikulakwitsa pati?"

Mayi, choyamba lembani mtengo poyera. Wogula weniweni, mwina mayi wa geni ya nsomba ku Senga Bay, ali ndi ndalama zowerengeka m'manja, ndipo akapanda kuona mtengo amangopitirira. Yendani m'mashopu a pa Kamuzu Road muone kuti yatsopano yofanana nayo ili pa zingati, kenako mutsike ndithu poganizira zaka zomwe yagwira ntchito. Ngati mumtima mukufuna K400,000, lembani K450,000, chifukwa palibe amene adzagule osanenerera.

Chilema chake musabise ayi. Ine pamenepa ndimalimbikira kwambiri, chifukwa munthu akalipira mayendedwe kuchokera ku Chipoka n'kudzapeza dzimbiri lomwe simunatchule, amakwiya, ndipo mtengo amaugwetsa kuposa mmene dzimbirilo likanaugwetsera. Uthenga wanu ukhale ngati uwu: "Firiji yogona, malita 210, yagwira ntchito zaka zitatu. Ikuumitsa bwino, gasi anathiramo chaka chatha. Labala wa pachivundikiro wang'ambika pakona, kunsi kuli dzimbiri pang'ono. K450,000. Ili ku Salima boma, wogula abwere ndi galimoto yake."

Zithunzi jambulani masana, mutaitsuka. China chionetse firiji yonse, china m'kati, china kachipepala ka kumbuyo kolembedwa mtundu ndi kukula kwake, ndiye china pafupi penipeni pa labala wong'ambikayo. Koma chomwe chimakopa anthu kwambiri ndi cha botolo la madzi litauma gwa m'katimo.

Tsono firiji si njinga yoti mukakumana nayo pa depoti. Wogula ayenera kuiona ikugwira ntchito, choncho abwera pakhomo basi. Musalembe malo enieni a nyumba pa intaneti. Gwirizanani kuti mukumane pamalo odziwika masana, wina wa m'banja akamutenge, ndipo pakhomo pakhale munthu wina wamkulu. Iyatseni dzulo lake kuti ngakhale magetsi atazima, apeze madzi ali ouma.

Pa ndalama samalani. Alipo amene amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa Airtel Money kapena Mpamba, galimoto ili kale pakhomo, n'kumakufulumizitsani. Uthengawo musaukhulupirire. Imbani nokha *211# kapena *444# muone ngati ndalama zalowadi, firiji isanatuluke pakhomo. Wonena kuti watumiza zochuluka molakwitsa ndiye mumubwezere zapamwambazo, kapena wokupemphani PIN, ameneyo ndi wakuba.

Pokweza, isagonekedwe chammbali kapena chadodolido, chifukwa mafuta a mu kompuresa amalowa m'mapaipi a gasi. Muuzeni wogulayo kuti akafika aisiye maola angapo asanayatse, apo ayi mawa lake adzakuimbirani kuti munamugulitsa chinthu chakufa.